Chidule cha Injiniya Watsopano pa LinkedIn: Kulemba Zomwe Manja Anagwira

Pa tsamba la munthu aliyense pa LinkedIn pali malo otchedwa About, pomwe mwini tsamba amafotokoza za iye mwini m'mawu akeake. Malo ena onse a tsambalo ali ngati fomu yongodzaza, yofunsa dzina la sukulu, chaka chomalizira maphunziro ndi dzina la kampani. Pa About pokha ndi pomwe munthu amasankha yekha choyamba kunena ndi choti asiye. Malowa amalola zilembo 2,600, kuwerengera ndi mipata yapakati pa mawu, koma wowerenga saona zonse nthawi imodzi. Amaona mizere yochepa yoyambirira, ndipo zotsalazo zimabisika mpaka atadina pa mawu oti see more. Pa foni, pomwe Amalawi ambiri amawerengera, mizereyo imakhala yaifupi kwambiri.

LinkedIn inayamba mu 2003 ku America, ndipo kampani ya Microsoft inaigula mu 2016. Anthu amapitako pa nkhani za ntchito, ndipo olemba anthu ntchito amafufuzako omwe akuwafuna. Injiniya wa zaka makumi awiri pa ntchito savutika ndi chidule chake, pakuti milatho ndi misewu yomwe anamanga imamuyankhulira. Wovutika ndi amene wangovula kumene gauni, kaya ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo. Iyeyu amayang'ana malo opanda kanthu aja n'kuona ngati alibe choti anene, popeza sanalembedwepo ntchito. Koma zaka zonse zija za kusukulu sizinathere m'kalasi mokha. Anapanga pulojekiti ya chaka chomaliza, anapita ku atachimenti, analowa m'labotale, ndipo m'menemo ndi momwe muli nkhani yake.

Owerenga chidule ndi awiri

Woyamba kuwerenga chidule si munthu ayi, ndi makina ofufuzira a LinkedIn. Wolemba ntchito akafuna injiniya wa za madzi sayamba kutsegula matsamba limodzilimodzi. Amalemba mawu m'bokosi lofufuzira, nthawi zina motere:

```
"civil engineer" AND EPANET AND Lilongwe
```

Makinawo amabweretsa matsamba omwe muli mawu amenewa. Mnyamata yemwe anagwiritsa ntchito pulogalamu ya EPANET chaka chathunthu, koma pa tsamba lake anangolemba kuti amadziwa mapulogalamu osiyanasiyana a pa kompyuta, akhoza kudumphidwa ngakhale atakhala kuti ndiye woyenera kuposa onse. N'chifukwa chake mayina a zida ndi a mapulogalamu amalembedwa ndendende monga momwe eni ake amalembera: AutoCAD, Civil 3D, QGIS, MATLAB. N'chifukwa chakenso chidulechi chimalembedwa m'Chingerezi, chomwe ndi chiyankhulo cha mapulani, malipoti ndi makontirakiti a uinjiniya kuno. Zitsanzo za m'nkhani ino zaperekedwa m'Chichewa kuti mfundo yake imveke, koma kayalidwe kake ndi komweko.

Wowerenga wachiwiri ndi munthu, ndipo kawirikawiri amakhala wotanganidwa. Akhoza kukhala wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, yemwe sadziwa zambiri za uinjiniya koma wapatsidwa mawu oti ayang'ane. Akhozanso kukhala injiniya wamkulu yemwe akufuna wachinyamata woti amutume ku saiti. Wachiwiriyu ndiye wofunika kumuganizira kwambiri polemba, chifukwa funso lake ndi limodzi: mwana uyu ndingamupatse chiyani Lolemba m'mawa, n'kuchigwira popanda ine kuima pambali pake tsiku lonse? Chidule chabwino chimayankha funso limeneli mizere yoyamba isanathe.

Chidule chomwe ambiri amalemba

Pofuna kuona bwino momwe ntchitoyi imayendera, nkhani ino itsatira chitsanzo chongoyerekeza cha mtsikana yemwe wamaliza digiri ya uinjiniya wa zomangamanga ndipo akukhala ku Lilongwe. Ulendo woyamba analemba zangati izi: "Ndine injiniya wachinyamata wolimbikira ntchito, wokonda kuphunzira zinthu zatsopano ndiponso wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga. Ndikufunafuna mwayi mu kampani yodziwika bwino komwe ndingagwiritse ntchito luso langa potukula dziko."

M'mawu amenewa mulibe bodza, komanso mulibe chomwe wowerenga angagwire. Njira yoyesera ndi yapafupi. Munthu aphimbe dzina la mwini tsamba ndi chala, kenako adzifunse ngati mawuwo sangakwanire mnzake aliyense wa m'kalasi lomwelo, ngakhalenso namwino kapena wowerengera ndalama. Ngati akukwanira onse, ndiye kuti sakunena za aliyense. Kulimbikira ntchito ndi khalidwe lomwe munthu sangadzichitire yekha umboni, ndipo amene analembapo anthu ntchito amadziwa kuti waulesi nayenso amalemba mawu omwewo. Vuto lina ndi lakuti chiganizo chachiwiri chikunena zomwe mtsikanayo akufuna kulandira, pomwe wowerenga anabwera kudzaona zomwe angapeze. Choncho mizere yooneka ija yatha wowerenga asanadziwe ngati uyu ndi injiniya wa misewu, wa madzi kapena wa nyumba.

Kusonkhanitsa zoti zilembedwe

Ntchito yeniyeni imayambira pa pepala, tsamba lisanatsegulidwe. Mtsikana uja atenge lipoti la pulojekiti yake ndi buku lomwe ankalembamo za tsiku ndi tsiku ku atachimenti, n'kulemba chilichonse chomwe anachita ndi manja kapena mutu wake, pamodzi ndi kukula kwake m'manambala. Manambalawa asawatenge m'mutu, awakopere kuchokera m'lipoti, chifukwa tsiku lina adzafunsidwa.

Pulojekiti yake inali yokonza mapulani a madzi oyenda okha m'mapaipi kuchokera pa kasupe wa m'phiri kukafika m'mudzi, opanda injini yopopera. Anthu oti amwe madziwo anali 1,200. Iye anawerengera malita 30 pa munthu aliyense pa tsiku, ndiye kuti mudzi wonse unkafuna malita 36,000 pa tsiku. Kuchokera pa kasupe kukafika pa thanki panali makilomita 4, ndipo kasupeyo anali pamwamba pa thanki ndi mamita 45. Poyamba anasankha paipi ya mamilimita 32 chifukwa ndi yotsika mtengo. Ataika zonse mu EPANET, pulogalamu yaulere yoyesera kayendedwe ka madzi m'mapaipi, anapeza kuti madzi ofunikawo sangafike. Madzi akamayenda m'paipi yopapatiza amakhulana ndi khoma la paipiyo n'kumataya mphamvu, ndipo pa mtunda wautali chonchi mphamvu yotayika inaposa mamita 45 omwe phiri linapereka. Atasintha n'kuika paipi ya mamilimita 50, yotayika inatsika kufika pa mamita opitirira pang'ono 10, ndipo madzi anakwanira mipopi 10 yomwe anaiyala m'mudzimo.

Nkhani ya paipiyi ndi chuma chachikulu kuposa dzina la pulojekiti. Dzina la pulojekiti limangonena mutu womwe wophunzira anapatsidwa, mwinanso ndi mphunzitsi wake. Kusintha paipi kukuonetsa kuti anakumana ndi vuto, analizindikira kudzera m'kuwerengera, n'kupanga chisankho chomwe angathe kuchiteteza. Injiniya wamkulu akawerenga zimenezi amadziwa kuti mtsikanayu samangodina mabatani, amamva chomwe manambala akumuuza. Ophunzira ambiri amabisa malo omwe analakwitsa poyamba poganiza kuti n'zochititsa manyazi, chonsecho uinjiniya weniweni umaonekera pamenepo.

Ku atachimenti anakhala miyezi isanu pa saiti yomanga nyumba ya nsanjika ziwiri. Tsiku lililonse lothira konkire ankayesa kufewa kwake. Ankadzaza chitini chooneka ngati fanulo, chotalika mamilimita 300, n'kuchizula pang'onopang'ono, kenako n'kuyeza kuti mulu wa konkire watitimira bwanji. Ankaumbanso timabuloko toyesera ta mamilimita 150 mbali zonse, kutilemba tsiku, kutimiza m'madzi, n'kutipititsa ku labotale kuti tikaphwanyidwe pa tsiku la 7 ndi la 28. Pa miyezi isanuyo anaumba timabuloko 60. Ankathandizanso woyeza malo kugwira levulo, ndipo Lachisanu lililonse ankawerengera zitsulo zomwe zalowa poyerekeza ndi za pa mapulani. Kwa iye izi zinali ntchito zotumidwa chabe, zosayenera kutchulidwa. Koma kontirakitala aliyense amafuna munthu wodziwa zimenezi, pakuti konkire ikapezeka yofooka pa tsiku la 28 nsanamira zitaima kale, ndi ndalama zambiri zomwe zimalowa m'madzi.

Kuyala mizere

Zonse zikasonkhanitsidwa, choyamba kulembedwa ndi chiganizo chonena kuti munthuyu ndi injiniya wa chiyani, ali pa msinkhu uti pa ntchitoyi, ndipo maso ake ali pa gawo liti. Uinjiniya wa zomangamanga ndi waukulu, muli misewu, milatho, nyumba, madzi ndi nthaka. Wongomaliza kumene amaopa kusankha gawo limodzi poganiza kuti adzitsekera makomo ena, ndiye amatchula onse. Zotsatira zake n'zakuti wofuna wa madzi samuona ngati wa madzi, ndipo wofuna wa misewu samuona ngati wa misewu. Ndi bwino kutsogoza gawo lomwe lili ndi umboni wamphamvu, lachiwiri n'kubwera pambuyo. Kwa mtsikana uja madzi ndiwo atsogole, ntchito ya pa saiti itsatire.

Moni, mawu oyamikira wowerenga, kapena mbiri ya momwe munthu anayambira kukonda uinjiniya ali mwana siziyenera kukhala pa mizere yoyamba. Ulemu wa kwathu umafuna kuti munthu ayambe wapereka moni asananene chomwe wadzera, ndipo m'kalata kapena mu uthenga wopita kwa munthu mmodzi ulemuwo ndi woyenera ndithu. Koma chidule chili ngati chikwangwani cha pa khomo la shopu, chomwe chimangonena zomwe zikugulitsidwa mkatimo.

Chidule chokonzedwanso cha mtsikana uja chingamveke motere:

"Ndine injiniya wa zomangamanga wongomaliza kumene digiri, ndipo gawo langa ndi madzi a m'mapaipi. Pa pulojekiti ya chaka chomaliza ndinakonza mapulani a madzi oyenda okha a anthu 1,200: paipi ya makilomita 4, thanki imodzi ndi mipopi 10, zonse zoyesedwa mu EPANET.

Kuyesako kunaonetsa kuti paipi ya mamilimita 32 yomwe ndinasankha poyamba singafikitse malita 36,000 ofunika pa tsiku, choncho ndinasintha n'kuika ya mamilimita 50. Mapulaniwa anali a kusukulu, sanamangidwe, koma kuyeza malo ndinakachita ndekha m'mudzimo pamodzi ndi anzanga awiri.

Ku atachimenti ndinakhala miyezi isanu pa saiti ya nyumba ya nsanjika ziwiri, moyang'aniridwa ndi injiniya wa pa saiti. Ndinkayesa kufewa kwa konkire, ndinaumba ndi kusunga kaundula wa timabuloko toyesera 60, ndinathandiza pa levulo, ndiponso ndinkawerengera zitsulo sabata iliyonse.

Ndimagwiritsa ntchito EPANET, AutoCAD ndi Excel popanda wondithandiza. QGIS ndikuiphunzira. Ndikufuna ntchito yoyambira pa za madzi kapena pa saiti. Ndili ku Lilongwe ndipo ndine wokonzeka kukagwira m'boma lililonse."

Chidulechi sichinafike ngakhale theka la zilembo 2,600 zololedwa, ndipo palibe chifukwa chodzazira malo otsalawo. Kwa munthu yemwe sanayambe ntchito, mawu 150 mpaka 250 ndi okwanira. Chalembedwa ndi "ndine" ndi "ndina-", osati ngati wina akufotokoza za mwini tsamba. Kudzitchula dzina ngati mlendo wolemekezeka pa msonkhano kumamveka kwachilendo pa tsamba lomwe aliyense akudziwa kuti mwini wake ndiye walemba. Ndime zake ndi zazifupi, zolekanitsidwa ndi mzere wopanda kanthu, chifukwa ndime yaitali pa foni imaoneka ngati khoma ndipo chala chimangoidutsa.

Mawu oti ndi wokonzeka kukagwira m'boma lililonse asalembedwe mwachizolowezi. Ntchito zambiri za madzi ndi misewu zili kutali ndi mizinda, ndipo kwa wolemba ntchito chiganizo chimenechi chili ndi kulemera. Yemwe akudziwa kuti sangachoke ku Lilongwe chifukwa cha banja kapena zifukwa zina angotchula komwe ali, osalonjeza zomwe adzakane pambuyo pake.

Mneni aliyense ali ndi muyeso wake

Mbali yovuta kwambiri ya chidule cha injiniya watsopano ndi kusankha aneni. Pali kusiyana pakati pa kuonerera ntchito, kuthandiza pa ntchito, kuigwira moyang'aniridwa, ndi kuitsogolera. Wophunzira yemwe anaima pambali pomwe mlatho unkamangidwa, n'kudzalemba kuti anayang'anira kumanga mlatho, wakwera masitepe atatu omwe sanawapondepo. Chiyeso chochita zimenezi n'chachikulu, makamaka munthu akaona anzake akudzikweza pa matsamba awo, koma bodza lotere siliyenda mtunda wautali.

Limagwidwa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mainjiniya m'Malawi si ambiri ndipo amadziwana. Ambiri anadutsa pa sukulu imodzi, ndipo yemwe akuwerenga chidule akhoza kungoimbira foni injiniya wa pa saiti ija, yemwe mwina anali naye kalasi limodzi. Chachiwiri, chidule chimasanduka mafunso pa tsiku la intavyu. Wolemba kuti ankayesa konkire adzafunsidwa kuti timabuloko ta konkire yoyenera kufika 25 MPa tikaphwanyidwa pa tsiku la 7 tiyenera kuonetsa zingati. Amene anagwiradi ntchitoyo amayankha mosazengereza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yonse, kutanthauza 16 kapena 17, ndipo amatha kufotokoza zomwe zimachitika pa saiti nambala ikatsika kwambiri. Amene anangoonerera amayamba kuyang'ana kudenga, ndipo kuyambira pamenepo ofunsa amakayikira ndi zoona zomwe zili pa tsamba lake.

N'chifukwa chake chidule cha mtsikana uja chikunena poyera kuti mapulani ake sanamangidwe, ndiponso kuti anayeza malo ndi anzake awiri. Wina angaone ngati akudzichepetsa mopitirira. Koma injiniya wamkulu amadziwa kale kuti mapulojekiti a ophunzira samangidwa kawirikawiri, ndiponso kuti ambiri amachitika m'magulu. Akaona kuti wachinyamata wanena yekha malire a ntchito yake, amakhulupirira zina zonse zomwe walemba. Pa ntchito yomwe kulakwitsa kwake kumagwetsa denga pa anthu, munthu wodziwa kunena pomwe nzeru zake zathera ndi wamtengo wapatali. Pulojekiti ikakhala ya gulu, njira yabwino ndi kutchula zomwe gulu linachita m'chiganizo chimodzi, kenako gawo la mwini tsamba m'chiganizo chotsatira.

Muyeso womwewu ukhudzanso mapulogalamu. Kutsegulapo pulogalamu kawiri m'kalasi si kuidziwa. Mndandanda wa mapulogalamu khumi ndi awiri pa tsamba la munthu wa zaka 23 umadzutsa chikayiko kuposa chidwi. Atatu omwe angathe kuwagwiritsa ntchito wina akuyang'ana, ndi imodzi yomwe wanena kuti akuiphunzira, ndi zokwanira.

Dzina la udindo ndi kulembetsa

Digiri payokha sipanga munthu kukhala injiniya wovomerezeka kusainira mapulani. M'Malawi ntchitoyi imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Engineering Institution, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Womaliza digiri amalembetsa kaye pa gawo la oyamba kumene, n'kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa injiniya wolembetsedwa asanapemphe kukwera. Chidule chiyenera kunena gawo lomwe munthu alidi. Ngati walembetsa atchule, pakuti ena olemba ntchito amafuna zimenezi. Ngati wangopereka mafomu anene kuti akudikira, ndipo ngati sanayambe n'komwe asatchule kanthu. Kuika Eng. kutsogolo kwa dzina sabata yomwe munthu wavala gauni kumakhumudwitsa akuluakulu a ntchitoyi, omwe anadikira zaka kuti afike pamenepo.

Wofuna ntchito kunja asamale kwambiri, chifukwa maiko ambiri ali ndi mayina awo otetezedwa. Ku South Africa bungwe la ECSA limalembetsa woyamba kumene ngati Candidate Engineer, ndipo Pr Eng ndi ya amene anamaliza zaka zophunzira pa ntchito n'kuvomerezedwa. Ku Britain CEng imaperekedwa kudzera ku Engineering Council, ndipo ku Zambia kuli bungwe la EIZ. Mmalawi yemwe ali ku Johannesburg kapena ku Manchester alembe digiri yake ndi kulembetsa kwake kwa kumudzi monga momwe zilili, osazisandutsa yekha kukhala dzina la dziko lomwe alilo. Dzina la sukulu nalo lilembedwe monga lilili pa satifiketi. Izi n'zofunika kwa amene anaphunzira ku Polytechnic, yomwe inali pansi pa University of Malawi isanaime payokha ngati MUBAS mu 2021. Wolemba ntchito wakunja akaona dzina lina pa tsamba, lina pa satifiketi, amayamba kufunsa mafunso omwe akanapeweka.

Chidule sichiima chokha

Pansi pa dzina la munthu pali mzere wotchedwa Headline, womwe umalola zilembo 220. Mzerewu ndi womwe umaoneka pa zotsatira za kufufuza, munthu asanatsegule tsamba n'komwe, choncho uyenera kugwirizana ndi chiganizo choyamba cha chidule. Wa mtsikana uja ungakhale wotere:

```
Graduate Civil Engineer | Water Supply Design | EPANET, AutoCAD | Lilongwe
```

Ambiri amalemba pa mzerewu kuti sali pa ntchito kapena kuti akufunafuna mwayi, koma palibe wolemba ntchito amene amafufuza mawu amenewo. Kufuna ntchito kuli ndi malo ake, pa chizindikiro cha Open to Work, chomwe munthu angasankhe kuti chioneke kwa aliyense kapena kwa olemba ntchito okha.

Chomwe chatchulidwa mwachidule pa About chiyenera kupezeka mokwanira pa malo ena. Atachimenti ilembedwe pa Experience, ndi miyezi yake yeniyeni. Mapulogalamu abwerezedwe pa Skills. Pa Featured munthu akhoza kuikapo tsamba limodzi la mapulani a pulojekiti yake kapena chithunzi cha zotsatira za EPANET, kuti wowerenga aone ndi maso. Masiku ndi manambala onse agwirizanenso ndi omwe ali pa sivi, chikalata cha mbiri ya maphunziro ndi ntchito chija chomwe chimatumizidwa pofunsira ntchito. Atachimenti ya miyezi isanu pa sivi ikasanduka ya miyezi isanu ndi itatu pa LinkedIn, wowerenga saganiza kuti chala chinaterereka.

Zoyenera kusiyidwa kunja

Tsamba la LinkedIn ndi la poyera, ndipo si onse olitsegula omwe ali ndi zolinga zabwino. Nambala ya chiphaso cha unzika, tsiku lobadwa lonse, ndi malo enieni a nyumba siziyenera kulembedwa pa chidule. Imelo yokhala ndi dzina lenileni la munthu ndi yokwanira kwa wofuna kulumikizana naye. Alipo akathyali omwe amasaka achinyamata ofuna ntchito, n'kuwalonjeza malo pa kampani ya migodi kapena ya mafuta kunja, kenako n'kupempha ndalama ya mafomu kapena ya chitupa choyendera. Chidule chodandaula, chonena kuti mwini wake wakhala zaka ziwiri pakhomo ndipo alandira ntchito iliyonse, chimaitana anthu otere, pomwe wolemba ntchito weniweni sichimuuza chilichonse chokhudza luso.

Zinsinsi za komwe munthu anachitira atachimenti nazo ndi zofunika kuzisunga. Mapulani a kasitomala, mtengo wa kontirakiti, ndi zolakwika zomwe zinachitika pa saiti si katundu wa wophunzira. Mtsikana uja akhoza kunena kuti anaumba timabuloko 60, koma sangalembe kuti ena mwa iwo analephera pa nyumba yakutiyakuti. Kampani yomwe ingaone zotere pa tsamba lake idzadziwa kuti mawa zake nazo zidzatuluka. Ngakhale chithunzi cha pa saiti chimafuna chilolezo cha eni ntchito chisanaikidwe.

Maphunziro omwe aliyense wa digiri imeneyo anaphunzira safunika kuwatchula pa chidule, pakuti wowerenga akudziwa kale kuti injiniya anaphunzira masamu. Magiredi atchulidwe pokhapokha ngati ali apamwamba kwenikweni, ndipo chiganizo chimodzi chikwanira. Udindo wa m'bungwe la ophunzira kapena wa kumpingo ungalowe ngati uli ndi chogwirika, monga kusunga ndalama za gulu kapena kuyendetsa ntchito yokonza mjigo, koma ubwere kumapeto.

Kuyesa ndi kukonzanso

Chidule chikalembedwa chiyesedwe pa foni, osati pa kompyuta pokha. Mwini wake atsegule tsamba lake n'kuona pomwe mawu adukira. Ngati gawo la uinjiniya ndi nambala imodzi yogwirika zili pamwamba pa see more, mizere yoyamba yagwira ntchito yake. Ngati zabisika, chiganizo choyamba chifupikitsidwe. Kenako achiwerenge mokweza, chifukwa khutu limagwira chiganizo chopotoka chomwe diso lachilumpha. Mayina a mapulogalamu awayang'anitsitse chilembo ndi chilembo, popeza dzina lolakwika silipezeka pofufuza, komanso limapereka chithunzi cha munthu wosasamala pa ntchito yomwe imafuna kusamala.

Kuyesa komaliza ndi kupereka chidulecho kwa anthu awiri osiyana. Mmodzi akhale wosadziwa za uinjiniya, ndipo akawerenga afunsidwe kuti mwini tsambayu amagwira ntchito yanji. Akalephera kuyankha m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti chidule sichinalunjike. Winayo akhale injiniya, makamaka yemwe anamuyang'anira ku atachimenti, ndipo iye afunsidwe ngati pali mneni yemwe wakula kuposa ntchito yomwe inagwiridwa. Kupempha kotere kuli ndi phindu linanso, pakuti woyang'anirayo amakumbutsidwa kuti mwana wake uja akufuna ntchito, ndipo akhoza kulemba mawu omuchitira umboni pa gawo la Recommendations.

Chidule cha wongomaliza kumene chimakalamba msanga. Mtsikana uja akangopeza ntchito, ngakhale ya miyezi itatu yoyeza malo a mapaipi, chiganizo chonena kuti akufuna ntchito chichoke tsiku lomwelo, ndipo ntchito yatsopanoyo itenge malo oyamba. Pulojekiti ya kusukulu itsike n'kukhala chiganizo chimodzi, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ichokeretu pa About n'kutsala pa gawo la maphunziro. QGIS yomwe ankaiphunzira isamukire pa mndandanda wa zomwe amagwiritsa ntchito popanda womuthandiza pokhapokha atapanga nayo mapu omwe wina anawagwiritsadi ntchito ku saiti.